Magalasi atsopano akuzunguza mutu: diso lina -1.00, lina -4.50

Nachisale_Ndirande
Odziwa za maso tandithandizeni. Achimwene anga ndi telala ku Limbe, ali ndi zaka 46. Anayezetsa maso n'kugula magalasi opanda mzere pakati aja, oonera patali ndi pafupi pamodzi. Papepala palembedwa chonchi, RE ndi diso lamanja, LE lamanzere:

```
RE   -1.00
LE   -4.50
ADD  +1.50
```

Akatseka diso limodzi, lotsalalo likuona bwinobwino, kaya lamanja kaya lamanzere. Koma akatsegula onse mutu ukuwawa, pansi pakuoneka ngati papendekeka, ndipo akayang'ana pa makina msoko ukuoneka pawiri, wina pamwamba wina pansi. Kumene anagulako akuti azolowera. Atha masabata atatu. Kodi muyeso unalakwika?

Kabaza_wa_Chirimba
Awadyera ndalama basi. Maso a munthu mmodzi angasiyane chonchi? Abweze magalasiwo.

Woyeza_Maso_BT
A Kabaza, maso amasiyana ndithu, ndipo ena amasiyana kuposa pamenepa. Dzina lake kuchipatala ndi anisometiropiya. Timayamba kutchula dzinali kusiyana kukafika pa 1.00, koma madandaulo ambiri amayamba kukadutsa 2.00. Apa pali 3.50.

Achemwali, mwanena kale mfundo yaikulu: diso lililonse palokha likuona bwino. Ndiye kuti mphamvu ya galasi lililonse mwina ili bwino. Vuto likubwera ubongo ukamayesa kuphatikiza zithunzi ziwiri kuti chikhale chimodzi, ndipo pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zikuulepheretsa. Ndiyambe ndi kukula kwa chithunzi.

Galasi la mayinasi limachepetsa zinthu, la pulasi limakulitsa. Kuchepetsako kumadalira mphamvu ya galasi ndi mtunda umene lakhala kuchoka padiso. Timawerengera chonchi, d ndi mtunda m'mamita, F ndi mphamvu:

```
1 / (1 - d x F)
RE: 1 / (1 + 0.015 x 1.00) = 0.985
LE: 1 / (1 + 0.015 x 4.50) = 0.937
```

Diso lamanja likuona zinthu zitachepa ndi 1.5 peresenti, lamanzere ndi 6 peresenti ndi kanthu. Zithunzi ziwirizi zasiyana ndi pafupifupi 5 peresenti. Poti achimwenewo ndi telala amva msanga: zili ngati kulumikiza nsalu ya masentimita 100 ndi ina ya 95. Pakati zigwirizana, koma mukamafika kumapeto ina yatsala, ndipo mukakakamiza msoko uchita makwinya. Anthu ambiri samva kanthu pa 1 kapena 2 peresenti. Pa 3 mpaka 5 ambiri amayamba kutopa maso ndi mutu, ndipo kupitirira 5 ubongo nthawi zambiri umalephera kapena umangosiya diso limodzi. Kupendekeka kwa pansi kuja kumachokera apa, chifukwa ubongo umayeza kutalika ndi kuya kwa malo poyerekeza zithunzi ziwirizi. Zikasiyana kukula, umaganiza kuti mbali ina ya msewu ili pafupi kuposa inzake.

Nachisale_Ndirande
Zikomo bambo. Nanga msoko wooneka pawiriwo? Amati patali sizichitika kwenikweni, koma akangotsitsa maso.

Wodula_Magalasi
Chimenecho ndiye chachiwiri chija, ndipo kwa telala ndi chimene chikupweteka kwambiri. Galasi lililonse lili ndi kadontho kamodzi pamene kuwala kumadutsa kosapindika, timati pakati pa galasi. Mukayang'anira pena paliponse, galasi limasuntha chithunzi ngati pulizimu, galasi la ngodya zitatu lopinda kuwala. Lamulo la Prentice limati kusunthako ndi mtunda wochoka pakati m'masentimita kuchulukitsa ndi mphamvu ya galasi.

Munthu akamawerenga kapena kusoka amatsitsa maso, n'kuyang'anira pafupifupi sentimita imodzi pansi pa kadontho kaja. Diso lamanja: 1 kuchulukitsa ndi 1.00, pulizimu 1. Lamanzere: 1 kuchulukitsa ndi 4.50, pulizimu 4.5. Zikanakhala zofanana sipakanakhala vuto, zithunzi zonse zikanasunthira limodzi. Koma pali kusiyana kwa 3.5. Pulizimu mmodzi amasuntha chinthu ndi sentimita imodzi pa mtunda wa mita imodzi, ndiye pa masentimita 40 pamene pali nsalu, 3.5 akupereka masentimita 1.4. Msoko wa diso lina uli pamwamba pa wa diso linzake ndi mpata woposa sentimita yathunthu.

Maso athu amadziwa kuyandikizana ndi kutalikirana cham'mbali, amachita zimenezo tsiku lonse. Koma kuti lina liyang'ane m'mwamba pang'ono lina m'munsi, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, kwa ambiri imathera pa 2 kapena 3, ndipo ena amadandaula kale pa 1.5. Tsono pa 3.5 minofu imalimbana kwa mphindi zingapo, kenako imagonja, msoko n'kugawika.

Chowonjezera, magalasi opanda mzerewa, mapulogiresivu, amakukakamiza kutsitsa maso chifukwa mphamvu yoonera pafupi ili kumunsi. Pa mafelemu akuluakulu malo owerengerawo amatsika mamilimita 12 kapena kuposa, ndiye 3.5 uja asanduka 4.2. ADD ija, mphamvu yowonjezera yoonera pafupi, musaiwerengere, ndi yofanana m'maso onse, imadzichotsa yokha.

Mai_Fatsani_Zingwangwa
Ine ndinamva kuti akagula magalasi opyapyala aja okwera mtengo vutoli limatha, poti galasi lamanzere silikhalanso lokhuthala.

Wodula_Magalasi
Mayi, mwalondola theka. Opyapyala amathandiza maonekedwe ndi kulemera, galasi limodzi silikoka felemu kumbali. Koma -4.50 ndi -4.50, kaya lapangidwa ndi pulasitiki wamba wa 1.50 kaya wopyapyala wa 1.67. Pulizimu pa sentimita imodzi adzakhalabe 4.5, ndipo kuchepa kwa chithunzi sikusintha kwenikweni. Munthu akhoza kulipira kawiri mutu n'kumawawabe chimodzimodzi.

Che_Bangwe
Ndi mafoniwa awa. Kuwala kwa foni kwatha maso a anthu. Awaikire magalasi otchinga kuwala kwa buluu, kapena angogula owerengera pa msika wa Limbe, ndi otchipa.

Namwino_wa_Maso
Che Bangwe, funso silili pa foni. Ndipo owerengera a pamsika ali ndi mphamvu imodzi mbali zonse, ya pulasi. Kuika +1.50 pa diso limene likufuna -3.00 kuti lione pa nsalu ndi kuliphimba ndi nkhungu.

Ine funso langa ndi lina, ndipo palibe amene walifunsa. Achemwali, kusiyanaku n'kwakale kapena n'kwatsopano? Ngati diso lamanzere lakhala choncho kuyambira ali mnyamata, tikambe za magalasi basi. Koma ngati zaka ziwiri zitatu zapitazo linali -2.00 ndipo pano lafika -4.50 pa munthu wa zaka 46, chiyenera kufufuzidwa chimene chikulisuntha. Ng'ala ya pakati pa kagalasi ka m'diso imakokera diso ku mayinasi isanayambe kuoneka yoyera, mpaka ena amasangalala kuti ayambanso kuwerenga opanda magalasi. Shuga akakwera amasinthanso muyeso, ngakhale kawirikawiri amakhudza maso onse awiri. Kwa achinyamata timaganizanso za kutumphuka kwa koniya, kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso, makamaka amene anakula akutikita maso chifukwa cha kuyabwa. Zimenezi sizioneka pa bolodi la zilembo, zimafuna makina oyang'anira m'kati mwa diso ndi mankhwala okulitsa mwanadiso. Ku Lions, pa chipatala cha Gulupu, amaona zimenezi.

Nachisale_Ndirande
Ndawafunsa. Akuti aka n'koyamba kuvala magalasi. Kuyambira kale akafuna kulowetsa ulusi pa singano amaibweretsa pafupi ndi diso lamanzere, patali amaonera lamanja.

Woyeza_Maso_BT
Eya, apa nkhani yamveka. Diso la -4.50 lopanda galasi limaona bwino pa masentimita 22, mungogawa 100 ndi 4.5. La -1.00 limaona bwino mpaka mita imodzi, ndipo patali limangochita chimbuuzi pang'ono. Ndiye kwa zaka zonsezi maso awo anagawana ntchito: lamanzere la singano, lamanja la msewu. Ubongo unazolowera kumvera limodzi pa nthawi imodzi. Tsiku limodzi mwaupatsa zithunzi ziwiri zowala bwino, zosiyana kukula, zosiyana msinkhu, n'kuuuza kuti uphatikize. Kale chithunzi cha diso lina chinali cha chimbuuzi, chosavuta kuchinyalanyaza. Pano chikuoneka bwino, sichinyalanyazika.

Pali mayeso amene angachite kunyumba kuti tidziwe chimene chikuvuta kwambiri. Avale magalasi, aime moyang'anizana ndi chitseko pa mamita atatu, mutu uli chilili, aziphimba diso lina kenako linzake mofulumira. Ngati chitseko chikukula n'kuchepa, ndiko kusiyana kwa chithunzi kuja. Kenako atenge pepala lokhala ndi mzere umodzi wopingasa, alikweze pa msinkhu wa maso, aone ngati mzere ndi umodzi. Azilitsitsa pang'onopang'ono osaweramitsa mutu, maso okha ndiwo atsike. Pamene mzere wagawika pawiri, pulizimu wapambana minofu. Akaweramitsa mutu mzere n'kubwerera kukhala umodzi, mwatsimikiza kuti ndi pulizimu. Ngati mzere uli pawiri ngakhale akuyang'ana pakati penipeni, ndiye mwina magalasi anadulidwa mosalingana msinkhu, kapena maso eni ake ali ndi vuto la minofu limene linabisika.

Kabaza_wa_Chirimba
Ndiye zoti azolowera zija ndi bodza?

Woyeza_Maso_BT
Si bodza lenileni. Ambiri amene maso awo asiyana ndi 2.00 kapena kucheperapo amazolowera m'masabata awiri kapena anayi, bola avale tsiku lonse osavulavula. Ana amazolowera ngakhale 4.00. Koma wamkulu wa zaka 46, magalasi oyamba, 3.50, pulogiresivu, ntchito yoyang'ana pansi tsiku lonse, ine sindikanayamba naye choncho. Masabata atatu akuonabe pawiri, kudikira kwakwana.

Gogo_wa_Chilomoni
Ana anga, inenso zinandichitikira atandichotsa ng'ala diso limodzi. Lochitidwalo linasiya kufuna galasi la patali, linzake likufunabe +3.00. Masitepe ndinkachita kupapasa ndi phazi. Zinatha atachita diso lachiwiri. Mwina nawonso angofuna opaleshoni.

Namwino_wa_Maso
Agogo, zanuzo n'zoona ndipo zimachitika kawirikawiri pakati pa opaleshoni yoyamba ndi yachiwiri. Pa nthawi yodikirayo ena timawachepetsera mphamvu ya galasi la diso losachitidwalo, ena amangodalira diso latsopanolo. Kale, asanayambe kuika kagalasi m'kati mwa diso, munthu wochotsedwa ng'ala ankavala +10.00 kapena kuposa, chithunzi n'kukula ndi pafupifupi 25 peresenti, ndipo akachitidwa diso limodzi lokha magalasi sankatheka n'komwe. Koma telalayu ngati alibe ng'ala, palibe chochotsa. Zake ndi zina.

Wodula_Magalasi
Tibwerere pa chochita. Njira yotsika mtengo ndi kusiya pulogiresivu n'kupanga magalasi awiri osiyana. Osokera akhale a mphamvu imodzi galasi lonse: lamanja -1.00 kuphatikiza +1.50, ndiye +0.50, lamanzere -4.50 kuphatikiza +1.50, ndiye -3.00. Kusiyana kukadali 3.50, koma tsopano tili ndi ufulu woika pakati pa galasi pamene tikufuna. Munthuyo akhale pampando monga amakhalira pa makina, ayang'ane chinthu pa mtunda wa singano yake, tiike kadontho pa galasi pamene maso akudutsira, tidulire pomwepo. Akamayang'anira pa kadonthopo pulizimu palibe. Akasuntha mamilimita 3 ndi 1 basi, minofu imakwanitsa. Mtunda wa pakati pa maso, umene papepala amalemba PD, uyezedwe diso lililonse palokha kuchoka pakati pa mphuno, ndipo ukhale wa pafupi, umene umachepa ndi mamilimita 3 kapena 4 poyerekeza ndi wa patali.

Felemu ikhale yaing'ono, yosatsika kwambiri, kuti maso asakhale ndi malo oyendayenda, mutu ndiwo uzitembenuka. Ikhalenso pafupi ndi nkhope. Pa muyeso uwu milimita iliyonse imene mwayandikizitsa galasi imachotsa pafupifupi 0.35 peresenti pa kusiyana kwa zithunzi. Felemu imene yatsetserekera kumphuno ndi thukuta la mwezi wa Okutobala, kuchoka pa mamilimita 11 kufika 15, yawonjezera 1.4 peresenti popanda wokhudza galasi. N'chifukwa chake ndimakonda felemu yachitsulo yokhala ndi timapazi ta pamphuno, timapindika n'kukonzeka.

Ngati akufunitsitsa galasi limodzi la zonse, pali kadulidwe kotchedwa silabu-ofu, kamene amaika pulizimu wobwezera kumunsi kwa galasi la mayinasi wamkulu. Pamatsala kamzere kopingasa, ndi kokwera mtengo, ndipo si malo onse amapanga, nthawi zambiri amachita kuitanitsa.

Woyeza_Maso_BT
Za osokera ndagwirizana nazo. Pa a patali ine ndikanachepetsa lamanzere poyamba, -3.00 m'malo mwa -4.50. Kusiyana kutsika kufika pa 2.00, zithunzi zisiyana ndi pafupifupi 3 peresenti, pulizimu pa sentimita imodzi akhala 2. Diso lamanja ndilo lionetse patali, lamanzere lithandize pang'ono. Pakatha miyezi ingapo mukhoza kukweza ndi 0.50 kapena 0.75 ngati akulola. Ndipo musamangolemba papepala. Muikeni magalasi oyesera, ayende nawo pakhonde, atsike masitepe, awerenge kwa mphindi 15 kapena 20, muone ngati nkhope yamasuka.

Dokotala_Wachinyamata
Apa nditsutsako pang'ono akuluakulu. Mukasiya -1.50 wosakonzedwa, diso lamanzere patali lidzaona movutikira, ndipo kuona kuya kwa malo ndi maso awiri sikudzakhala bwino. Mwangobwezera munthu kumene anachokera, koma mwamugulitsa magalasi. Komanso paja lamulo la Knapp limati ngati kusiyanaku kwabwera chifukwa diso lina ndi lalitali, magalasi okhala pafupifupi mamilimita 15 kutsogolo kwa diso amapereka zithunzi zofanana kukula kumbuyo kwa diso. Mayinasi wa paubwana nthawi zambiri ndi wa diso lalitali. Ndiye 5 peresenti yanu ija mwina kulibe.

Woyeza_Maso_BT
Papepala Knapp akulondola, adokotala. Koma diso likatalika letina, kansalu ka kumbuyo m'kati mwa diso, imatambasukanso, timaselo tolandira kuwala timatalikirana, ndiye chithunzi chofanana kukula chimagwera pa timaselo tochepa, ubongo n'kuchionabe chaching'ono. N'chifukwa chake ambiri otere amamasukabe ndi makontakiti, timagalasi toika padiso penipeni, kuposa magalasi. Ndikuvomera kuti 5 peresenti ndi chiwerengero cha galasi, chimene munthu akumva chiyenera kuyezedwa pa iye mwini. Koma Knapp sanena kanthu za pulizimu, ndipo msoko wapawiri uja ndi pulizimu.

Zoti ndamubwezera kumene anachokera, ayi. Diso lamanja lakwera kuchoka pa chimbuuzi cha -1.00 kufika poona bwino, ndipo akuvala magalasiwo m'malo mowasunga m'kabati.

Dokotala_Wachinyamata
Akanakhala dalaivala wa minibasi woyenda usiku pa Chipembere sindikanalola kuchepetsa. Kwa telala mwina. Koma ine ndikanayamba ndi kontakiti.

Nachisale_Ndirande
Makontakitiwo amathetsa bwanji? Si galasi lomwelo?

Dokotala_Wachinyamata
Mphamvu ndi pafupifupi yofanana, koma malo ndi osiyana. Kontakiti imakhala padiso penipeni, ndiye d uja amatsala mamilimita atatu okha, kusiyana kwa zithunzi kumatsika kufika pafupifupi 1 peresenti. Imayendanso limodzi ndi diso, munthu amayang'anira pakati nthawi zonse, pulizimu sabwera. Galasi la -4.50 likasanduka kontakiti limakhala -4.25, poti layandikira. Pali njira ina yabwino kwa wa zaka zimenezi: kontakiti imodzi yokha kumanzere, ya pafupifupi -3.25 kapena -3.50, kuti maso onse atsale pa -1.00, kenako pulogiresivu wamba pamwamba pake. Akatero magalasi amakhala ofanana mbali zonse.

Namwino_wa_Maso
Koma tinene zonse. Kontakiti imafuna manja osamba ndi owuma, mankhwala ake otsukira, osaikhudzitsa madzi a pampopi kapena a m'chigubu ngakhale tsiku limodzi, osagona nayo. M'madzi muli tizilombo timene timadya koniya, ndipo chilonda chake n'chovuta kuchiza. Munthu wosokera pakhonde, fumbi la ku Limbe, ubweya wa nsalu, madzi osowa masiku ena, ndiye kugula mwezi ndi mwezi. Diso likafiira ndi kuwawa avule nthawi yomweyo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Si aliyense angakwanitse, ndipo si manyazi kunena kuti ayi.

Mai_Fatsani_Zingwangwa
Pepani ndipatukeko. Mwana wa mng'ono wanga wa zaka 5 amulembera +1.00 ndi +3.50. Iye sadandaula chilichonse. Tingochepetsanso monga mukunenera, kapena tidikire akule?

Namwino_wa_Maso
Ayi mayi, kwa mwana ndi zosiyana kotheratu, ndipo kusadandaulako ndiye koopsa. Maso awiri amasintha mphamvu yoonera limodzi, mofanana. Mwana amadzikonzera +1.00 ya diso labwino, linalo n'kutsala ndi 2.50 ya chimbuuzi patali ndi pafupi pomwe. Silipeza chithunzi chabwino pa mtunda uliwonse, ndiye ubongo umene ukukula suphunzira kuliona. Telala uja anapulumuka chifukwa diso lake la mayinasi linali ndi ntchito pa masentimita 22. Pa pulasi, kusiyana kwa 1.50 kokha n'kokwanira kufooketsa diso.

Ayezedwe atathiridwa mankhwala opumitsa minofu ya m'diso, apatsidwe kusiyana konse kwa 2.50, avale tsiku lonse. Magalasi okha kwa miyezi inayi amakweza maso a ana ambiri. Ngati lofookalo latsalirabe, timamata diso labwino, kawirikawiri maola awiri pa tsiku, kapena asanu ndi limodzi ngati lafooka kwambiri. Zimayenda bwino asanakwane zaka 7 kapena 8. Pambuyo pake zimathekabe kwa ena koma movutikira. Musadikire.

Che_Bangwe
Komabe mafoniwa achepetse.

Wodula_Magalasi
Achemwali a ku Ndirande, musanalipire china chilichonse, magalasi omwe alipowo apimidwe. Pulogiresivu aliyense ali ndi tizizindikiro tiwiri tozokotedwa mosaoneka bwino, totalikirana mamilimita 34, mumationa mukapendeka galasi pa kuwala. Potsata timeneto wodula amabwezeretsa kamtanda kamene kayenera kukhala pa mwanadiso. Achimwene avale, aone ngati timitanda tonse tiwiri tagwera pa mwanadiso ndiponso pa msinkhu umodzi. Galasi lamanzere likatsika ndi mamilimita 2 okha, ndi pulizimu 0.9 wowonjezera ngakhale akuyang'ana kutsogolo. Muonenso ngati pepala lenileni lili ndi CYL kumanzere, mphamvu yowonjezera yogwira m'njira imodzi yokha pa galasi, imene simunakopere. Ikakhala -1.00 pa 180, mphamvu yotsika m'munsi ndi -5.50, osati -4.50, ndipo masamu onse a pulizimu aja akwera kufika pa 4.5.

Dokotala_Wachinyamata
Ayezetsenso shuga ndi m'kati mwa diso asanadule galasi lina. Zoti lakhala choncho kuyambira kale ndi mawu a mwini wake, pepala lakale palibe.

Woyeza_Maso_BT
Pamenepo sitikangana. Za -3.00 tidzamva kwa mwini wake akayenda ndi magalasi oyesera, ndipo atenge nsalu, singano ndi ulusi popita kuti mtunda wosokera uyezedwe ndi tepi yake yomwe.